Mukabetcha, Mukubetchana ndi Yani?

 

Lero ndiyamba ndi funso lalifupi. Munthu akabetcha pa mpira, amakhala akubetchana ndi yani?

Musafulumire kuyankha. Taganizirani kaye. Ndalama imene wawina ija, yachokera m'thumba la yani? Nanga imene waluza ija, yapita m'thumba la yani?

Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yathu. Pali njira ziwiri zoyendetsera beti. Yoyamba ndi ija tonse timaidziwa, ya kampani ya beti, imene anzathu a ku Britain amati bukumeka. Yachiwiri ndi msika wa beti, umene amautcha ekisichenji. Kunja zimaoneka zofanana, koma m'kati mwake ndi zosiyana ngati nsima ndi phala. Sindinabwere kudzauza munthu kuti azibetcha, ayi. Ndabwera kuti tione mmene ndalama imayendera m'njira ziwirizi, chifukwa safunsa anadya phula.

Tiyambire pafupi, pa bwalo la pa golosale.

Ndi Loweruka. Mawa Maule akumana ndi Manoma. Anyamata awiri akangana. Wina akuti, "Mawa Maule awina, aise, palibe zokambirana." Mnzake akuti, "Sawina amenewo, achimwene. Ngati mukulimba mtima, ikani ndalama." Aliyense watulutsa K1,000. Koma sakukhulupirirana. Ndiye akuitana mwini golosale. "Bambo, tisungireni ndalamazi. Mawa mudzapatse amene walondola."

Mwini golosale akuvomera, koma akuti, "Chabwino ana anga. Wowinayo adzandisiyire kangachepe ka sopo."

Mwamuona bwino mkulu ameneyu? Iye sakubetcha. Kaya Maule awine, kaya Manoma awine, iye mtima uli m'malo. Ntchito zake ndi zitatu zokha: kukumanitsa anthu awiri otsutsana, kusunga ndalama zawo, ndi kupereka kwa wolondola. Malipiro ake ndi kangachepe kaja.

Mukamvetsa mkulu wa pa golosaleyu, msika wa beti mwaumvetsa. Zotsalazo ndi makina chabe.

Tsono timusiye kaye pamenepo, tipite ku kampani ya beti.

Mukalowa m'shopu ya beti, kapena mukatsegula pa foni, mumapeza mitengo yalembedwa kale. Ija timati maodzi. Anailemba ndani? Kampani. Kodi mungatsitse kapena kukweza? Ayi. Zili ngati shuga wa m'sitolo yaikulu. Mtengo ndi womwewo. Mukafuna gulani, mukapanda kufuna pitani.

Ndipo mukabetcha, amene ali mbali inayo ndi kampaniyo. Mukawina, ndalama ituluka m'thumba lake. Mukaluza, ndalama ilowa m'thumba lake. Inu ndi kampani muli ngati anyamata awiri aja. Kusiyana kwake n'koti kampaniyo ndiyo imatchula mtengo, ndiyonso imasunga ndalama.

Nanga phindu lake limachokera kuti? Ambiri amati limachokera kwa oluza. N'zoona, koma si zokhazo. Phindu lenileni labisala m'kati mwa mtengo. Tamverani chitsanzo ichi, n'chosavuta.

Tiponye ndalama yachitsulo m'mwamba. Ingagwe mbali iyi kapena mbali iyo. Mwayi ndi wofanana. Mtengo wachilungamo ndi 2.00, ndiye kuti ukaika K1,000 n'kulondola, ulandira K2,000. Koma kampani singakupatseni 2.00. Ikupatsani 1.90 mbali iyi, 1.90 mbali iyo. Anthu awiri abetcha, wina mbali iyi, wina mbali iyo. Kampani yatolera K2,000. Wowina yamupatsa K1,900. Yatsala ndi K100.

Kodi wowinayo waona kuti wadulidwa? Sanaone. Wapita kwawo akuseka. Palibe risiti yolemba kuti tadulapo zakuti. K100 ija inachotsedwa ndalama isanaponyedwe n'komwe. Zili ngati wogulitsa chimanga amene chidebe chake anachimenya pansi kuti chilowe m'kati. Mtengo sanakweze, koma chidebe chachepa.

Ndibwereze, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Kampani ya beti ndi mdani wanu pa masewerowo, ndipo phindu lake labisika mu mtengo.

Tsopano tiwoloke nyanja, tipite kumene msika wa beti unabadwira.

M'chaka cha 2000, mumzinda wa London, anthu awiri, Andrew Black ndi Edward Wray, anatsegula kampani yotchedwa Betfair. Ganizo lawo linali ngati la mkulu wa pa golosale uja, kungoti analiika pa intaneti. Anati, bwanji anthu azibetchana okhaokha, ife tizingowakumanitsa? Ganizoli analitengera ku misika ya masheya, kumene wogula ndi wogulitsa aliyense amatchula mtengo wake. Lero misika yotere ilipo ingapo. Kuwonjezera pa Betfair pali Betdaq, Smarkets ndi Matchbook. Kumeneko anthu amabetchana kwambiri pa mipikisano ya akavalo, mpira, tenisi ndi kiriketi, ndipo amagwiritsa ntchito mapaundi. Ife tiwerengera m'makwacha kuti mutu usatizungulire.

Mukatsegula msika wotere, pa timu iliyonse mupeza mitengo iwiri, osati umodzi. Pa Betfair, bokosi limodzi ndi labuluu, linalo ndi lapinki. Pamwamba pa labuluu palembedwa Back. Pamwamba pa lapinki palembedwa Lay. Mawu awiri amenewa muwasunge.

Back ndi kunena kuti, zichitika. Lay ndi kunena kuti, sizichitika.

Back ndi mnyamata uja amati, "Maule awina." Lay ndi mnzake uja amati, "Sawina amenewo."

Ya Back sitichedwapo, chifukwa mumaidziwa kale. Ndi beti yomweyo ya masiku onse. Mwaika ndalama kuti timu iwina. Ikawina mulandira. Ikapanda kuwina, mwataya zimene munaika, basi, osapitirira pamenepo.

Tichedwe pa Lay, chifukwa apa ndi pamene pali chachilendo, ndiponso ndi pamene anthu amapsa.

Choyamba, tamvetsetsani mawu a mnyamata wachiwiri uja. Sananene kuti Manoma awina. Anati Maule sawina. Kodi ndi zofanana? Ayi ndithu. Mpira umatha m'njira zitatu. Timu iwina, iluza, kapena afanana mphamvu. Wa Lay amalondola m'njira ziwiri mwa zitatuzi. Maule akaluza, wadya. Akafanana mphamvu, wadyanso. Amagwa pokhapokha Maule atawina.

Mwina mukuti, aa, ndiye kukomatu kumeneko! Njira ziwiri zanga, imodzi yokha ya mnzanga! Dekhani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu akachita Lay, wakhala pa mpando wa kampani ya beti. Iye ndiye akulandira ndalama ya mnzake. Iye ndiye adzalipira mnzakeyo akalondola. Ndipo adzalipira malinga ndi mtengo umene anagwirizana.

Tiyende nacho pang'onopang'ono. Tinene kuti timu ina ya ku England ili pa mtengo wa 3.00. Munthu wina kwinakwake wachita Back ndi K1,000. Inu mwachita Lay, mwalandira beti yakeyo. Timu ija ikapanda kuwina, K1,000 yake ndi yanu. Koma ikawina? Iye ayenera kulandira K3,000. K1,000 ndi yake yomwe ija. K2,000 yotsalayo ichokera kuti? M'thumba lanu.

Mwaona? Mukusaka K1,000, koma mwaika pangozi K2,000. Ndalama imene mwaika pangoziyi pa sikirini amailemba kuti Liability. Ife tingoti ndi mtolo wanu. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Chotsani 1 pa mtengo, zotsalazo muchulukitse ndi ndalama ya mnzanuyo. Mtengo 3.00, chotsani 1, zatsala 2. Ndiye mtolo wanu ndi K1,000 kawiri.

Mtengo ukamakwera, mtolo umalemera. Pa mtengo wa 11.00, kuti mupeze K1,000 yomweyo, mtolo wanu ndi K10,000. Ndipo msika sukhulupirira munthu. Mtolo wonsewo umaugwiriratu mu akaunti yanu musanayambe. Ngati mulibe ndalama yokwanira, beti sikulowa. N'chifukwa chake wowina pa msika sachita kuthamangitsa munthu kuti amulipire. Mkulu wa pa golosale uja ndalama anazitsekera kale m'kabati.

Ngozi ili apa. Timu ikakhala pa mtengo waukulu, aliyense amati, imeneyi singawine. Munthu amachita Lay, nadya K1,000. Sabata yamawa chimodzimodzi. Inayo chimodzimodzi. Amayamba kudziona ngati katswiri. Koma pa mtengo wa 11.00 uja, tsiku limodzi lokha loti timu yonyozekayo yawina likukolopa phindu la masabata khumi.

Okonda mpira mukukumbukira Leicester City. Ligi ya 2015 mpaka 2016 isanayambe, makampani a beti a ku England ankapereka 5000 pa 1 kuti timu imeneyi itenga chikho cha ligi. Kunena kwina, iwo anali kuchita Lay, akuti sizingatheke. Mu Meyi 2016, Leicester, pansi pa mphunzitsi Claudio Ranieri, inatenga ligi. Makampani analipira. Iwo ali ndi matumba akuya, anapirira. Nanga inu mukanakhala pa mpando umenewo? Pa K1,000 imodzi yokha, mtolo ukanakhala K5,000,000. Mpando wa kampani ndi wofewa pokhalapo, koma uli ndi misomali.

Tibwereze: Back, mutaya zimene mwaika. Lay, mutaya mtolo wonse. Musanadine bokosi lapinki, diso likhale pa mtolo, osati pa zimene mukuyembekeza kudya.

Tsopano tifike pa gawo lina, kangachepe ka sopo kaja. Dzina lake ndi komishoni.

Msika wa beti suika phindu lake mu mtengo, chifukwa mtengo sukhazikitsidwa ndi iwo. Amatchula ndi anthu obetchawo. Ndiye msika umadya pati? Umadula gawo laling'ono pa phindu la wowina. Kwa zaka zambiri Betfair inkadziwika ndi K5 pa K100 iliyonse. Smarkets inatchuka ndi K2 pa K100. Mlingo umasiyana malinga ndi msika, dziko ndi mtundu wa akaunti. Ife tigwiritsa ntchito K5 pa K100.

Tibwerere ku ndalama yachitsulo ija. Pa msika, anthu awiri agwirizana mtengo wa 2.00. Aliyense waika K1,000. Wina walondola. Phindu lake ndi K1,000. Msika udulapo K50. Iye atenga K1,950. Ku kampani kuja anatenga K1,900. Kusiyana ndi K50. Kukuoneka kochepa, koma kwa munthu wobetcha sabata ndi sabata, madontho amadzaza ndowa.

Taonani zinthu ziwiri apa. Choyamba, komishoni sikhudza ndalama imene munaika. Imakhudza phindu lokha. Chachiwiri, woluza salipira komishoni. Wataya beti yake, koma msika sumudulanso kanthu.

Koma pali mawu amodzi ofunika kuwamvetsa. Komishoni amaiwerengera pa phindu lotsala. Osati pa beti iliyonse imene yawina, koma pa zimene zatsala mukaphatikiza zonse zimene mwawina ndi kuluza pa nkhani imodzi. Ndikati nkhani imodzi, ndikutanthauza funso limodzi lobetcherana, monga lakuti ndani awina masewero akutiakuti.

Zili ngati mayi wogulitsa tomato. Wapeza K10,000 pa tsiku. Kodi yonseyo ndi phindu? Ayi. Achotse kaye ya mpamba. Chotsalacho ndicho phindu. Msika wa beti umadikira kuti muchotse kaye, kenako udule pa chotsalacho.

Mufunsa kuti, munthu angawine bwanji ndi kuluza pa masewero amodzi? Apa ndi pamene Back ndi Lay zimagwirira ntchito limodzi. Tcherani khutu, chitsanzo ichi ndicho chachikulu cha lero.

Masewero asanayambe, munthu wachita Back ndi K1,000 pa mtengo wa 3.00. Mpira wayamba. Timu yake yagoletsa. Pa msika mitengo imasintha masewero ali m'kati, ndipo tsopano anthu ambiri akukhulupirira timu ija. Mtengo wagwa, wafika pa 1.50. Munthu uja akutembenuka. Akuchita Lay pa timu yomweyo, kulandira K2,000 ya munthu wina pa mtengo wa 1.50. Mtolo wake ndi theka la K2,000, ndiye kuti K1,000.

Tione mathero awiri.

Timu ija yawina. Back yake yamupatsa phindu la K2,000. Lay yake yamudyera K1,000. Chotsala, K1,000.

Timu ija sinawine. Back yake yamudyera K1,000. Lay yake yamupatsa K2,000. Chotsala, K1,000.

Uku K1,000, uko K1,000. Woyimbira asanaimbe wezulo yomaliza, iye wadziwa kale zake. Wachita ngati wogula mbuzi kumudzi motchipa, n'kukaigulitsa mokwera m'tauni. Sakusamalanso kuti mbuziyo ikaphedwa liti.

Nanga komishoni? Msika sudula pa K2,000 imene beti imodzi yawina. Udula pa K1,000 yotsala ija. Ndiye K50. Iye atsala ndi phindu la K950. Ndilo tanthauzo la komishoni pa phindu lotsala.

Koma ndisakunamizeni. Chitsanzochi chakoma chifukwa ndachisankha ndine. Ndasankha kuti timu yake igoletse. Bwanji ikanagoletsedwa? Mtengo ukanakwera, mwina kufika pa 6.00 kapena kupitirira. Pamenepo akanangosankha pakati pa zowawa ziwiri: kutuluka ataluzako gawo, kapena kudikira n'kuluza yonse. Mbuzi ija nthawi zina umafika nayo m'tauni n'kupeza mitengo yagwa. Ndipo chigoli chikalowa, msika umaimitsa kaye kubetcha kwa kanthawi. Ukamatsegulidwanso, mtengo wakale uja wapita. Palibe amene amathawa chigoli chitalowa kale.

Pali malire enanso pa nkhani ya phindu lotsala. Kuphatikiza kuja kumachitika pa nkhani imodzi yokha. Tinene kuti masana mwawina K1,000 pa masewero ena. Madzulo mwaluza K1,000 pa masewero ena. Inu mukuti, lero sindinawine, sindinaluze. Msika ukuti ayi. Pa masewero a masana munawina, tipatseni K50 yathu. Za madzulo ndi zanu. Tsiku latha, thumba lanu lachepa ndi K50, ngakhale munalondola kamodzi n'kuphonya kamodzi.

Tsono funso limene ambiri amafunsa: kodi msika umapereka mtengo wabwino kuposa kampani nthawi zonse?

Nthawi zambiri mtengo wa pa msika umaoneka wokwera. Koma kumbukirani, wa kampani ndi wodulidwa kale, wa pa msika sunadulidwe. Simungayerekeze nkhuku yososola ndi ya nthenga zake. Isosoleni kaye. Pa msika mwaona 3.00. Pa K1,000, phindu ndi K2,000. Chotsani komishoni, K100. Zatsala K1,900. Ndiye mtengo weniweni ndi 2.90. Kampani ikamapereka 2.80, msika wapambana. Ikamapereka 2.95, kampani yapambana. Muyezo ndi umenewo. Chotsani komishoni kaye, kenako muyerekeze.

Tipite ku vuto lina, limene ku kampani kulibe.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Pa msika, beti siikhalapo popanda munthu wotsutsana nanu. Mnyamata wa Maule uja akanakuwa tsiku lonse, koma popanda wina woti "sawina," mkulu wa pa golosale sakanasunga kanthu.

Pa msika muli ndi ufulu wotchula mtengo wanu. Anthu akupereka 3.00, inu mukufuna 3.20. Mukhoza kulemba 3.20 n'kudikira. Zili ngati kunenerera pa kaunjika. Koma wogulitsa akhoza kukana. Beti yanu ikhala pamenepo, sikirini ikulemba kuti Unmatched, kusonyeza kuti sinapeze mnzake. Ikapeza mnzake imalembedwa kuti Matched. Nthawi zina theka lokha ndilo limapeza mnzake, theka linalo n'kutsala.

Apa anthu amalira. Munthu waika beti, watseka foni, wapita kukaonera mpira. Timu yake yawina. Akuthamanga kukaona ndalama. Akupeza ndalama yake yomwe ija yabwezedwa, phindu palibe. Beti sinapeze mnzake. Ndipo zimawawa koposa kwa uja amafuna kudzitchinjiriza ndi Lay. Iye akuganiza kuti watseka mbali zonse, chonsecho khomo limodzi lili pululu.

Mungadziwe bwanji kuti msika ndi wodzaza kapena wopanda anthu? Zizindikiro ndi ziwiri. Pansi pa mtengo uliwonse pamalembedwa ndalama imene ikudikira pa mtengo umenewo. Ikakhala yochepa, beti yaikulu singalowe yonse. Chizindikiro chachiwiri ndi mpata wa pakati pa bokosi labuluu ndi lapinki. Pa masewero akuluakulu a ligi ya ku England, mitengo iwiriyi imagundana mapewa, monga 3.00 ndi 3.05. Pa masewero osadziwika mukhoza kupeza 2.50 ndi 4.00. Mpata ukakula chotero, dziwani kuti mwafika pa msika tsiku losakhala la msika. Mabenchi alipo, anthu kulibe.

Kampani ya beti ilibe vuto limeneli. Iyo imakhala yokonzeka kulandira beti yanu pa mtengo wake, bola isapitirire malire amene yaika. Ndiwo ubwino wake. Mumalipira mtengo wodulidwa, koma simudikira munthu.

Tisanatseke, tione kusiyana kumodzi kotsiriza. Kodi awiriwa amamuona bwanji munthu wowinawina?

Kwa kampani, wowina kawirikawiri ndi minga. Ndalama akuzitenga m'thumba lake. Ku Britain ndi nkhani yodziwika kuti makampani amachepetsa ndalama imene munthu wotere angabetche, mwinanso kumutsekera akaunti. Kwa msika, wowina si mdani, chifukwa ndalama akudya ndi za anzake, ndipo akamawina msika ukudula komishoni. Komabe musaganize kuti msika ndi tchalitchi. M'chaka cha 2008 Betfair inayambitsa chindapusa china chapadera, chotchedwa Premium Charge, cha anthu ochepa amene ankawina mosalekeza. Mkulu wa pa golosale naye amadziwa kuwerenga.

Ndipo dzifunseni funso ili. Ngati msika suthamangitsa akatswiri, ndiye akatswiriwo ali kuti? Ali pomwepo. Munthu amene walandira beti yanu simukumuona nkhope. Mwina ndi wongoyesa mwayi ngati inu. Mwinanso ndi munthu amene ntchito yake ndi yomweyo, usana ndi usiku, kapena wokhala m'bwalo momwemo, amene akuona chigoli inu chithunzi chisanakufikeni pa kanema. Pa golosale paja mumadziwa amene mukubetchana naye. Pa msika wa pa intaneti simudziwa.

Tisonkhanitse tsono zimene takambirana.

Ku kampani, mukubetchana ndi kampani. Mtengo ndi wake. Phindu lake labisika mu mtengo, ndipo mumalilipira osaliona.

Ku msika, mukubetchana ndi munthu mnzanu. Mtengo mumagwirizana. Back ndi kuti zichitika. Lay ndi kuti sizichitika, ndipo wa Lay amasenza mtolo. Msika umadula komishoni pa phindu lotsala la nkhani imodzi, poyera.

Ndipo tibwerere komwe tinayambira. Lamulungu madzulo, mpira watha. Anyamata awiri aja afika pa golosale. Anasiya K2,000. Wina akuchoka chimanjamanja. Wina akuchoka ndi K1,950. Phatikizani za awiriwo. Zakwana K2,000? Sizinakwane. Sabata yamawa akabweranso, amene anawina aluze, amene analuza awine, aliyense adzati tafanana. Koma m'kabati mwa mkulu uja mudzakhala K100. Iye sanakuwe, sanatukwane woyimbira, mpirawo sanauonere n'komwe.

Ndiye mnzanu akadzakuuzani kuti wapeza malo obetchera kumene kulibe kudyeredwa, mudzamufunse mafunso awiri a lero. Ukubetchana ndi yani? Nanga wosunga ndalamayo akudya pati?